Nkhani yaifupi ya mayi wosankha mauthenga asanatseke akaunti: chikusowa n'chiyani?

Namzeze

Anzanga olemba, ndakhala miyezi iwiri ndikulimbana ndi nkhani yaifupi, ndipo ndafika poti sindikuonanso pamene pakuvuta, choncho ndikupempha maso anu. Nkhaniyi ikuchitika usiku umodzi wokha. Mayi wina wa zaka za m'ma 40, amene banja lake linatha chaka chapitacho, waganiza zotseka akaunti yake ya WhatsApp m'mawa mwake, ndipo wakhala pamkeka foni ili pachaja n'kumayang'ana macheza akale kuti asankhe oti asunge. Macheza a gulu la kutchalitchi ndi a banki nkhonde sakumuvuta, ngakhalenso a mwamuna wake wakale wawadutsa mosachedwa. Wakanirira pa macheza a achemwali ake, amene anamwalira mu 2023, ndipo anayamba kulemberana nawo mu 2016.

M'mene ndalembera, mayiyu akukakamizika kusankha chifukwa memore khadi yake ndi yaing'ono, moti ingatenge mauthenga 100 okha. Amawerenga, amalira, amasankha 100 aja, kenako kunja kumacha. Mnzanga amene ndinamuwerengetsa anandiuza kuti nkhaniyo ndi yomvetsa chisoni koma sanaikhulupirire, ndipo analephera kundiuza chifukwa chake. Kodi vuto lingakhale pati?

Tsokonombwe

Pepani ndi zovutazo, mayi. Musatseke msanga. Pitani pa Settings, Chats, Chat backup, ndipo zonse zisungika ku Google Drive popanda kusankha chilichonse.

Namzeze

Zikomo bambo, koma mayiyo si ine. Ndi munthu wa m'nkhani yopeka.

Wokonza_Mafoni

A Namzeze, ine si mlembi, ntchito yanga ndi kukonza mafoni pa kauntala kumsika, koma ndikuganiza kuti ndaona chimene chinamukhumudwitsa mnzanu uja. Malire a mauthenga 100 ndi abodza, ndipo aliyense amene anagwirapo foni amamva m'thupi kuti ndi abodza ngakhale sangathe kufotokoza. Mawu olembedwa satenga malo ambiri. Mauthenga masauzande ambiri a mawu okhaokha amachepa kukula kuyerekeza ndi kanema mmodzi wa pa ukwati, choncho palibe memore khadi imene ingakane mauthenga 101 n'kulola 100.

Koma musataye mtima, chifukwa malire enieni alipo, ndipo ndi owawa kuposa amene mwapekawo. Pa foni ya Android munthu amatsegula macheza a munthu mmodzi, n'kudina timadontho titatu pamwamba, kenako More, kenako Export chat. Foni imafunsa funso limodzi lokha: Without media kapena Include media. Akasankha Without media, imatulutsa mauthenga ofika 40,000 aposachedwa m'fayilo ya mawu olembedwa okhaokha. Akasankha Include media, imatenga zithunzi ndi mauthenga a mawu olankhulidwa, koma malire amatsika kufika pa 10,000, ndipo kuwerengako kumayambira ku uthenga womaliza kubwerera m'mbuyo. Palibe pamene imamufunsa kuti akufuna uthenga uti. Imatenga munthu yense ndi zabwino ndi zoipa zake, kapena imadula mutu wa macheza n'kusiya mchira.

Komanso a Tsokonombwe, malangizo anu angamupweteke munthu weniweni. Akaunti ikafufutidwa, zimene zinasungidwa ku Google Drive kudzera pa Chat backup zimafufutikanso limodzi nayo. Njira imeneyo ndi ya munthu amene akusintha foni koma akaunti ikhalapobe.

Tsokonombwe

Ndavomera pa za kufufutazo, sindinkadziwa. Koma ndikufunsabe kuti akutsekeranji akaunti, pamene pali Change number yoti angosamukira ku nambala ina ndi katundu wake yense?

Mphunzitsi_Wopuma

Funso la a Tsokonombwe ndi limene wowerenga aliyense afunse pa tsamba loyamba, ndipo nkhani ikapanda kuliyankha, misozi yonse ya m'masamba otsatira ikhala ya ulere. Mwana wanga Namzeze, ndinaphunzitsa Chichewa ku sekondale zaka zambiri, ndipo nkhani za ana anga zinkagwa kawirikawiri pamalo omwewa: mpangankhani ankavutika ndi msampha umene khomo lake linali lotsegula. Tiuzeni, n'chifukwa chiyani mayiyu sakungosintha nambala?

Namzeze

Zikomo aphunzitsi. M'maganizo mwanga, nambalayo anamugulira ndi mwamuna wake ali pachibwenzi, ndipo aliyense amene amaidziwa amamudziwa iye ngati mkazi wa uje. Alamu ake, azimayi a ku mpingo wa mwamunayo, ngakhale amene ankawagulitsa makala, onse ali momwemo. Sakufuna kusamuka ndi mudzi wonsewo. Koma ndikuvomereza kuti m'nkhanimo sindinalembe zimenezi paliponse, ndinangoziganiza.

Wokonza_Mafoni

Pamenepo makina ali kumbali yanu. Munthu akagwiritsa ntchito Change number, akhoza kusankha kuti anthu paokhapaokha asauzidwe, koma magulu onse amene alimo amauzidwa basi kuti wasintha nambala, ndipo nambala yatsopanoyo imaonekera kwa onse a m'gulumo. Ndiye ngati ali m'gulu la banja la kuchimuna, alamu ake aiona tsiku lomwelo. Akhoza kuyamba watuluka m'magulu amodziamodzi, koma kutuluka m'gulu la banja ndi mlandu paokha. Chiganizo chimodzi chonena zimenezi chikwanira kutseka khomo limene aphunzitsi akunena.

Mai_a_Mapasa

Ine ndikufuna kubwerera pa 10,000 paja, chifukwa pandigwira mtima. A Namzeze, tiyeni tiwerenge ndi manambala a m'nkhani yanu. Tinene kuti alongo awiriwa, kapena kuti pachichemwali pawo, analemberana mauthenga 23,000 kuyambira 2016 mpaka 2023. Anthu salemberana mofanana chaka chilichonse. Pa nthawi ya mtendere amalemberana pang'onopang'ono, koma matenda akalowa m'nyumba mauthenga amachuluka: zotsatira za kuchipatala, dzina la mankhwala, ndani agone nawo kuwodi, ndalama ya thiransipoti yatumizidwa kapena ayi. N'zotheka ndithu kuti mauthenga 10,000 omalizirawo ndi a zaka ziwiri zokha za matenda.

Tsono taonani chimene chikumuchitikira mayi wanu. Akasankha kutenga ndi mawu ndi zithunzi, apeza achemwali ake odwala okhaokha, mawu otopa, zithunzi za mapepala a kuchipatala, ndi mkangano wa ndalama ngati unalipo. Achemwali athanzi aja, amene ankaseka mpaka kutsamwa, ali m'mauthenga 13,000 oyambirira amene adulidwa. Akasankha mawu olembedwa okha, apeza zaka zonse, koma opanda liwu. Ine ndikanakhala inu, nkhani yonse ndikanaimanga pamenepa.

Wokonza_Mafoni

Mwawerenga bwino mayi. Ndipo kuti a Namzeze aone m'mene fayilo yopanda liwuyo imaonekera, nachi chitsanzo chimene ndapeka potsata kalembedwe kake. Kayalidwe ka tsiku kamasiyana malinga ndi foni.

```
14/03/2017, 21:07 - Achemwali: Tamvera izi usanagone
14/03/2017, 21:08 - Achemwali: <Media omitted>
14/03/2017, 21:11 - Achemwali: Waseka eti?
```

Pamene pali `<Media omitted>` ndi pamene panali liwu lawo. Dzina limene likuoneka ndi limene mwini foni anasunga, kotero ngati anafufuta dzinalo pambuyo pa maliro, pa mzere uliwonse paoneka nambala chabe m'malo mwa dzina. Fayiloyi sisonyeza tiki ziwiri zija zochonga kuti uthenga unafika, sisonyeza kuti yankho linali kuyankha uthenga uti, ndipo singabwezeredwenso mu WhatsApp kuti ikhale macheza. Ndi pepala basi, loti n'kuwerenga.

Namzeze

Mizere itatu imeneyo yandichititsa manyazi, chifukwa yachita zimene masamba anga asanu analephera. Ndiye ngati akufuna mawu a 2017, achite bwanji?

Wokonza_Mafoni

Achite ndi manja. Akwere m'machezamo mpaka chaka chimenecho, agwire uthenga wa mawu umodzi, audine Share, autumize ku imelo yake kapena ausunge pena, kenako wina, kenako wina. Pa Android mafayilo amenewa amakhala ndi mayina onga `PTT-20170314-WA0003.opus`, ndiye kuti tsiku lilimo koma dzina la wolankhula mulibe, ndipo zimene zanenedwa simungazidziwe osamvera. Wodziwa mafoni akhoza kukopera foda yonse ya mauthenga a mawu nthawi imodzi, koma mmenemo muli anthu onse osakanikirana, achemwali ndi mwamuna wakale ndi wogulitsa makala, ndiye kusankha kudzamudikirabe kutsogolo. Chinanso, ngati pa nthawi ina anafufuta zinthu kuti apeze malo m'foni, kapena anasintha foni mosasamala, mauthenga ena akale aoneka pa sikirini koma akana kulira. Ndimawaona anthu otere pa kauntala panga, ndipo nthawi zambiri palibe chimene ndingawachitire.

Kadziwotche

Ndikupempha kutsutsa pang'ono. Gululi ndi la olemba, koma takhala tikukamba za timadontho titatu ngati tili pa maphunziro a mafoni. Wowerenga nkhani yaifupi sabwera kudzaphunzira Export chat, ndipo zaka zisanu zikubwerazi mabatani onsewa adzakhala atasintha, nkhani n'kukalamba nawo. Chimene chikusowa m'nkhani ya a Namzeze, m'kuona kwanga, n'choti mayiyu alibe chimene akuopa kupeza. Akungokolola zokoma. Munthu amene akuwerenga zaka zisanu ndi ziwiri za macheza sakumana ndi malemu okha, amakumananso ndi iye mwini, ndipo kawirikawiri samukonda munthu amene wamupezayo.

Mphunzitsi_Wopuma

A Kadziwotche anena zoona theka. Mabatani asachuluke, ndipo mawu achizungu a pa sikirini akhale awiri kapena atatu m'nkhani yonse. Koma sindikuvomereza kuti ndi opanda ntchito, chifukwa ndi iwo amene akumukakamiza mayiyu kumvera uthenga uliwonse, ndipo pomvera ndi pamene akumane ndi chimene a Kadziwotche akunena.

Ndiganizireni motere. Kwathu munthu akamwalira, zovala ndi ziwiya zake sizigawidwa ndi munthu mmodzi. Abale amakhala pansi, akuluakulu alipo, chitenje ichi chipite kwa uje, mpoto uwu kwa uje, ndipo wina akafuna kubisa kanthu pali maso omuona. Mayi wanuyu akugawa katundu wa malemu ali yekha pakati pa usiku, wopanda mboni. Akhoza kubisa chilichonse. Fayilo imene a Wokonza_Mafoni atisonyeza ndi mawu wamba, munthu akhoza kuitsegula n'kufufuta mizere imene sakuifuna, ndipo palibe chidzasonyeze kuti panali kanthu. Funso la nkhani yanu likhoza kukhala limeneli: kodi afufuta mzere umene iye mwini analemba?

Mai_a_Mapasa

Aphunzitsi mwandilasa. Ndinene zanga, ngakhale sindinakonzekere. Amayi anga atamwalira ndinkawerenga macheza athu, ndipo ndinapeza kuti sabata yawo yomaliza kunyumba anandilembera katatu tsiku limodzi, koyamba kufunsa ngati ndadzuka bwino, kachiwiri kufunsa za ana, kachitatu anangolemba dzina langa ndi chizindikiro cha funso. Yankho langa linabwera mawa lake madzulo, ndipo linali la mawu awiri, lakuti ndinali bize. Palibe mkangano, palibe chipongwe, koma maola amene ali pakati pa uthenga wawo ndi wanga amandiwawa kuposa mawu aliwonse. Choncho a Namzeze, musafune mlandu waukulu. Nthawi imene yalembedwa kumanzere kwa mzere uliwonse ikhoza kukhala mlandu wokwanira, ndipo wowerenga adzawerenga yekha maolawo popanda inu kumuuza.

Kadziwotche

Pepani mayi. Chitsanzo chanucho chikuposa chimene ndinali nacho m'mutu, chifukwa ine ndimaganiza za mkangano wa ndalama za chipatala. Komabe ndikuona kuti pa nkhani yopeka kuchedwa kuyankha kokha n'kofewa kwambiri, popeza aliyense amukhululukira msanga mayiyo. Ndikanakonda alembe chinthu chimene wowerenga angavutike nacho, monga kuwauza achemwali ake odwala kuti nayenso ali ndi mavuto ake ndipo asamutopetse.

Namzeze

Ndikhoza kugwiritsa zonse ziwiri. Mawu okhadzulawo abwere kaye, kenako achemwali ayankhe mofatsa, kenako pakhale masiku anayi opanda kanthu. Koma ndili ndi mantha kuti ndikamulola kufufuta mzerewo, owerenga amuda, ndipo ndikamuletsa, nkhani isanduka ulaliki.

Chule_wa_Mdambo

Ndalowa mochedwa, koma pali chinthu chimene palibe wachitchula. Kufufutako n'kodzinamiza, chifukwa uthenga uli ndi mbali ziwiri. Chimene iye anatumiza chinafika m'foni ya achemwali ake, ndipo kutseka akaunti sikuchotsa mauthenga m'mafoni a anthu ena. Foni ya malemuyo ili kuti? Kwathu foni sikwiriridwa ndi mwini wake, imapita kwa mwana kapena kwa mlongo. Ngati ili ndi mwana wamkazi wa malemu, mtsikanayo mwina anawerenga kalekale zimene azakhali ake, kapena kuti amayi ake aang'ono, analemba, ndipo wakhala chete chaka chonse akuwapatsa moni mwaulemu.

Mphunzitsi_Wopuma

Amayi ake aang'ono, mwana wanga, popeza ndi mng'ono wa mayi ake. Azakhali ndi a kuchimuna. Koma mfundoyo ndi yamphamvu, ndipo yabweretsa mboni imene ndinati palibe.

Wokonza_Mafoni

N'zotheka ndithu, bola pulogalamuyo sinachotsedwe m'foni ya malemuyo. Akaunti imene yakhala masiku 120 osalumikizidwa pa intaneti nthawi zambiri imafufutidwa, koma zimene zili m'foni momwemo zimakhalabe mpaka wina azichotse. Kumbali ya mayi wanu, macheza amakhalapobe, kungoti chithunzi cha achemwali chimazimiririka n'kutsala kabwalo kotuwa. Ndipo simukadi ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani ya mafoni imatha kupereka nambalayo kwa munthu wina. Kunabwera bambo wina pa kauntala panga akunjenjemera, akuti malemu akazi awo abwerera pa foni, koma pamwamba pa macheza awo a zaka zambiri panali chithunzi cha mnyamata wachilendo atatsamira njinga yamoto. Mnyamatayo sangaone mauthenga akalewo, koma chilichonse chatsopano chimene bamboyo akanalemba chikanapita kwa iye.

Namzeze

Chimenecho ndi chifukwa chabwino choti atsekere usiku umenewu osati wina. Mwina wakhala akuwalemberabe achemwali ake chaka chonse, mauthenga okhala ndi tiki imodzi yokha, ndiye madzulo a tsikulo zasanduka ziwiri.

Kadziwotche

Chenjerani a Namzeze, mphika wayamba kudzaza. Muli ndi banja lotha, magulu a alamu, malire a 10,000, mzere wochititsa manyazi, mwana wa malemu, tsopano mnyamata wa njinga yamoto. Nkhani yaifupi ya usiku umodzi singasenze zonsezi. Ndikanakhala ine ndikanachotsa mwamuna wakale yense, chifukwa tiki ziwirizo zikukwanira kufotokoza chifukwa chotsekera, ndipo mwamunayo akungodya malo a achemwali.

Tsokonombwe

Koma mukachotsa mwamunayo, funso langa lija libwereranso. Nambala ya achemwali ikapita kwa mlendo, iye angosiya kulembako kapena kumutsekera mlendoyo, palibe chomutseketsa akaunti yake yonse.

Kadziwotche

Anthu olira sachita zinthu mwa masamu, bambo.

Mphunzitsi_Wopuma

Sachita mwa masamu, koma wowerenga amafuna aone chingwe ngakhale chopyapyala. Ine ndikuti mwamunayo akhale, koma m'ndime imodzi yokha, ndipo kufulumira kumene mayiyo akudutsira macheza a zaka za ukwati wake kunene zonse. Amene ndikukayika naye ndi mwana wa malemu. Akalowa, nkhani isintha mwini, chifukwa wowerenga ayamba kufuna kudziwa za mtsikanayo, ndipo usiku umodzi sukwanira.

Ndiwonjezere za kalembedwe. Mauthenga a achemwali musawakonze kukhala Chichewa cha m'buku ngati chimene tikulemba pano. Asiyeni ndi zidule zawo, zilembo zosowa, ndi dzina lachibwana limene ankamuitanira mng'ono wawo, pamene mawu a wofotokoza nkhani akhale odekha. Kusiyana kumeneko ndi kumene kudzamveketse liwu la malemu. Ndipo mauthenga a mawu musawalembe onse ngati zokamba za pa siteji. Lembani zimene zikumveka kuseri kwa liwulo, tambala, wailesi, supuni ikugunda m'kapu, mwana akuitana, chifukwa munthu amene wamvera uthenga kakhumi amasiya kumva mawu n'kuyamba kumva nyumba.

Mai_a_Mapasa

Zoona zimenezo. Uthenga wa amayi anga umene ndimaumvera kwambiri ndi wa masekondi 9, ndipo akungofunsa mtengo wa feteleza, koma kumbuyo kukumveka chitseko cha kukhitchini kwathu chimene chinkalira. Mayi wa m'nkhaniyo asasunge mauthenga anzeru okhaokha. Asunge wina wopanda pake, ndipo asafotokoze chifukwa.

Chule_wa_Mdambo

Ine ndikuumirirabe pa mtsikana uja, ngakhale aphunzitsi akana. Safunika kuoneka. Chiganizo chimodzi choti foni ya malemu ili ndi mwana wawo chikwanira, ndipo chiikidwe koyambirira ngati chinthu wamba, kuti wowerenga adzachikumbukire yekha pamene chala cha mayiyo chili pa mzere uja.

Namzeze

Ndatenga zambiri, ndipo ndikuuzeni m'mene ndikuganizira tsopano. Memore khadi ya mauthenga 100 ndaichotsa. Atulutsa fayilo ya mawu okhaokha, aona `<Media omitted>` mazanamazana, ndipo ayamba kukwera ndi chala kufunafuna mawu a zaka zoyambirira, kumvera umodziumodzi foni itagunda kukhutu kuti asadzutse ana. Mzere wake woipa aupeza mosaufuna, ali pa ulendo wobwerera pansi. Mwamuna akhala m'ndime imodzi, ndipo foni ya malemu itchulidwa kamodzi monga a Chule_wa_Mdambo anenera. Za tiki ziwiri ndisunga, mwina ndi nkhani ina payokha.

Chimene sindinathe ndi mathero. A Wokonza_Mafoni, pofufuta penipenipo foni imafunsa chiyani?

Wokonza_Mafoni

Amapita pa Settings, Account, kenako Delete account. Imamuchenjeza kuti mauthenga afufutika ndipo achotsedwa m'magulu onse, kenako imamuuza kuti alembe nambala yake yonse ndi manja, kuyambira ndi nambala ya dziko. Ikatero imamufunsa chifukwa chimene akuchokera, ndipo pali mndandanda woti asankhepo. Akatsimikiza, palibe kubwerera. Zimasiyana ndi Facebook, imene imapereka masiku 30 oti munthu asinthe maganizo.

Kadziwotche

Ndiye ithere pamene akulemba nambala imene mwamuna anamugulira, komaliza m'moyo wake. Za mzere uja musatiuze ngati anaufufuta.

Mai_a_Mapasa

Ayi, tiuzeni. Ndawerenga nkhani zambiri zimene mlembi amathawa pa mphindi yovuta n'kunena kuti wasiyira owerenga. Mayiyu wakhala usiku wonse akusankha, ndiye tione chimene wasankha, ngakhale chitatikwiyitsa.

Mphunzitsi_Wopuma

Lembani mathero onse awiri, mwana wanga, muwasiye sabata imodzi osawayang'ana, kenako mutibweretsere tiwerenge.

Namzeze

Ndichita choncho aphunzitsi. Pali achitatu amene andibwerera pamene mumakambirana: atumiza fayilo yosakhudzidwa kwa mwana wa achemwali ake, n'kusunga yodulidwayo iye mwini. Sindikudziwa ngati mayi amene ndamulembayu ali ndi mtima wotero, ndiye ndiyambe ndabwerera ku tsamba loyamba ndikamuonenso.